Mphete za Saturn: kodi ndi zakale ngati pulanetiyo kapena ndi zadzulodzulo?

Chiyambireni Malichi 2025 anzanga okonda kuyang'ana kumwamba akhala akundifunsa funso limodzimodzi: kodi n'zoona kuti mphete za Saturn zatha? Ayi, sizinathe. Mwezi umenewo zinangotilozetsa m'mphepete mwake, ndipo popeza m'malo ambiri ndi zopyapyala mamita 10 okha, zinasowa m'matelesikopu. Zimenezi zimachitika pakatha zaka 13 mpaka 16 zilizonse. Koma funsolo limabala lina lovutirapo: mphetezi zinachokera kuti, nanga zikhalapo mpaka liti? Apa akatswiri agawanika pawiri, ndipo ine mbali zonse ziwiri ndinakhalako.

Pali mfundo imodzi imene onse amagwirizana. Mwezi ukayandikira kwambiri pulaneti yaikulu, mphamvu yokoka ya pulanetiyo imakoka mbali yapafupi kuposa yakutali mpaka mweziwo kung'ambika. Malire amenewa anawawerengera ndi Édouard Roche m'zaka za m'ma 1840, ndipo mphete zikuluzikulu za Saturn zili mkati mwake. N'chifukwa chake zidutswa zake sizingaumbikenso kukhala mwezi. Mkangano uli pa nthawi imene kung'ambikako kunachitika.

Ambali yoti mphete ndi zakale amati zili ndi zaka zoposa mabiliyoni 4. Amene anafotokoza bwino ndi Robin Canup mu 2010. Iye anati mwezi wina waukulu ngati Titan, mwezi waukulu koposa wa Saturn, unkatsetserekera ku Saturn pulanetiyo ikadali yatsopano. Chikamba chake cha madzi oundana chinasendeka n'kutsala m'njira, pomwe mtima wake wa miyala unamira m'pulaneti. Izi zikuyankha chinthu chimene chinkazunguza mitu: mphetezi ndi madzi oundana kuposa magawo 95 pa 100 alionse, pamene mwezi wamba umakhala ndi miyala yambiri.

Ambali yoti ndi zatsopano ali ndi nkhani yokoma kufotokoza. Mu 2022 Jack Wisdom ndi anzake anati kunali mwezi umene anautcha Chrysalis, umene unasokonekera njira n'kung'ambika zaka pafupifupi mamiliyoni 160 zapitazo. Ubwino wake, nkhaniyi ikufotokozanso chifukwa chake Saturn ndi yopendekeka madigiri pafupifupi 27. Ena mu 2023 anati miyezi iwiri ya madzi oundana inawombana. Pa kupendekekako, ndivomere, ambali imeneyi apambana.

Pamene pandipweteka ine ndi pa fumbi.

Umboni waukulu wa ambali yatsopano ndi kuyera kwa mphete. Kumwambako kumagwa timiyala tating'ono ngati fumbi nthawi zonse. Chinsalu choyera mukachiyanika m'mbali mwa msewu wadothi m'mwezi wa Okutobala, mutha kudziwa nthawi imene chakhalapo poona kuda kwake. Chombo cha Cassini, chimene chinazungulira Saturn kuyambira 2004 mpaka 2017, chinapereka manambala awiri ofunika pa masamu amenewa. M'miyezi yake yomaliza chinadutsa maulendo 22 pakati pa mphete ndi pulaneti, n'kupeza kuti mphete zonse zimalemera mwina magawo awiri mwa asanu a Mimas, kamwezi kamene m'mimba mwake ndi makilomita pafupifupi 400. Chinatolanso tifumbi 163 tochokera kunja m'zaka 13. Sascha Kempf ndi anzake atawerengera mu 2023, anati mphete zopepuka chotero zikanada kale zikanakhala zopitirira zaka mamiliyoni 400.

Zotsatira za kulemera zitatuluka mu 2019, ndinazimeza zosatafuna. Ndinkauza ana a sukulu amene ndimawaonetsa Saturn pa telesikopu yanga kuti mphetezi zinabadwa madainoso ali moyo, ndipo ndinkanena ngati nkhani yotheratu, chifukwa nkhani zimene ndinkawerenga zinalemba motero. Palibe ndi imodzi yomwe imene inandiuza za ngongole yobisika m'masamuwo. Kuti yankho lituluke, uyenera kuvomereza kaye kuti fumbi lakhala likugwa pa mlingo wofanana kwa zaka mabiliyoni, pamene tinaliyeza zaka 13 zokha. Uyeneranso kuvomereza kuti gawo lokwanira la fumbilo limakakamira pa madzi oundanawo. Mu Disembala 2024 Ryuki Hyodo ndi anzake anaonetsa pa makompyuta kuti kamwala kakagunda mphete pa liwiro la makilomita makumi angapo pa sekondi, kamasanduka nthunzi, ndipo zotsalira zake zambiri zimatengedwa kupita m'pulaneti kapena kutali. Zikakhala choncho, chinsalu chija chimadzikung'untha chokha, ndipo kuyera kwake sikunena za msinkhu wake. Ntchito ya Hyodo ndi yoyerekezera pa kompyuta, sinayezedwe pamalopo. Komabe zimandiwawa kuti ana aja ndinawapatsa chinthu chokayikitsa ngati chotsimikizika, ndipo ambiri a iwo sindidzawaonanso kuti ndikonze.

Kulemera kuja nakonso kuli ndi nkhope ziwiri. Mphete zimafalikira ngati phala lothiridwa pa mbale: likakhala lambiri limayenderera msanga, likapyapyala limayenda pang'onopang'ono. Zam'mphepete mwamkati zimagwera m'pulaneti, zakunja zimadutsa malire a Roche n'kuumbika timiyezi. Aurélien Crida ndi anzake anakumbutsa mu 2019 kuti ngakhale mphete ziyambe zolemera bwanji, pakatha zaka mabiliyoni 4 zimatsala ndi kulemera kofanana ndi kumene Cassini anapeza. Kwa ine umenewu ndi umboni wamphamvu. Ambali yatsopano angangoti zangochitika mwangozi.

Nanga za kutha kwake? Pano mbali imene ndimaikonda imapunthwa, ndipo sindibisa. Kuwala kwa dzuwa ndi kugunda kwa timiyala zimapatsa tizidutswa ta madzi oundana mphamvu ya magetsi, kenako maginito a Saturn amatikokera m'pulaneti ngati mvula. James O'Donoghue ndi anzake, pogwiritsa ntchito telesikopu ya Keck ku Hawaii, anayerekeza mu 2018 kuti pa sekondi iliyonse pamagwa makilogalamu pakati pa 432 ndi 2,870. Werengani nokha. Mphete zimalemera makilogalamu 15 otsatiridwa ndi maziro 18. Titenge makilogalamu 1,500 pa sekondi, ndiye kuti pa chaka pamatayika matani pafupifupi mamiliyoni 47. Mukagawa, mupeza zaka mamiliyoni 300 ndi pang'ono. Cassini anapezanso zinthu zina zikugwera m'pulaneti cha pa ikweta yake, matani angapo kapena makumi a matani pa sekondi. Pa matani 10 pa sekondi, mphete zonse zingathe zaka mamiliyoni 50 zisanakwane.

Chinthu chowonongeka mofulumira chotero n'chovuta kuchipatsa zaka mabiliyoni 4, pokhapokha ngati kugwaku kwakula posachedwa. Cassini anayeza zimenezi kwa miyezi isanu yokha, ndipo pafupi ndi mphete yamkati kwenikweni, yopepuka zedi, osati m'mphete yowirira yotchedwa B mmene muli kulemera kochuluka. Kutambasula miyezi isanu kuti ikwane zaka mamiliyoni ndi ngongole yomwe ija ya fumbi, yangovala malaya ena.

Choncho mukandifunsa, ndili kumbali ya mphete zakale, ya Canup ndi Crida, ngakhale mvula ya mphete imandisowetsa mtendere. Ana amene amabwera pa telesikopu masiku ano ndimawauza kuti mphete zikutayadi madzi oundana sekondi iliyonse, kenako ndimawapatsa manambala aja kuti agawe okha, n'kuwafunsa kuti ndi nambala iti imene akuikhulupirira ndipo inayezedwa kwa nthawi yaitali bwanji.