Apu yowerengera katundu pa mashopu atatu, nyenyezi 4 pa 5

Ndimagulitsa simenti, malata ndi misomali ku Lilongwe, Mponela ndi Kasungu, ndiye apu iyiyi ndaigwiritsa ntchito kuyambira chaka chatha. Imandionetsa pafoni katundu amene watsala pa shopu iliyonse osayimbiranso anyamata madzulo aliwonse, zoti abwana dikirani ndiwerenge zinatha.

Chimene chandisangalatsa kwambiri ndi lipoti la zogulitsa pa tsiku, chifukwa nambala ya matumba payokha imanamiza. Mwachitsanzo mu Meyi alimi atayamba kulandira ndalama za fodya, Kasungu inali ndi matumba 60 a simenti koma ikugulitsa 20 pa tsiku, ndiye kuti masiku 3 basi shopu yauma, pomwe Mponela inali ndi 90 ikugulitsa 5 okha pa tsiku, amenewo ndi a masiku 18. Oda yatsopano imanditengera masiku 5 kuti ifike. Ndinachotsa 40 ku Mponela, Kasungu inakhala ndi 100 okwana masiku 5 aja ndendende, Mponela inatsala ndi 50 a masiku 10, onse bwinobwino. Apuyo siyikuuzani kuti samutsani ayi, masamuwa mumapanga nokha, koma manambala onse ali pamalo amodzi.

Koma musamangosamutsa poti mwaona kusiyana. Thiransipoti ndi ganyu ya okweza ndi otsitsa zimadya phindu, komanso simenti ikamakwezedwa kawiri pamapezeka matumba ong'ambika. Ine ndimasamutsa pokhapokha lole ikudutsa kale pa M1, Mponela ili panjira pomwepo ndiye imangoima nkukweza. Kuchita hayala galimoto chifukwa cha matumba 40 okha ndi kutaya ndalama, bola kudikira oda. Misomali ndi maloko ndizosavuta, katoni imodzi imapita pa minibasi.

Mukatumiza katundu apu imamuchotsa kochokera nkumuika kuti ali panjira mpaka wolandira atsimikize, apa ndi pamene ndinaona kuti malata amachoka 50 nkufika 48, poyamba zoterezi zimangosowa osadziwa kuti zasowera kuti.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha netiweki. Ikavuta, foni yakushopu imagulitsabe koma manambala kwa ine samasintha mpaka ilumikizane, ndiye mutha kuona matumba 60 pomwe enieni ndi 35, ndipo palibe chenjezo lililonse lalikulu. Muziona kaye nthawi ya risiti yomaliza musanatumize lole. Chinanso wolandira akaiwala kudina kuti walandira, katundu amakhala panjira sabata yonse ndipo shopuyo imaonetsa zochepera ziro, ndikanakonda apuyo izimukumbutsa yokha.

Malata a geji 28 ndi 32 muwalembe padera, ndi kutalika kwake komwe, mukawaphatikiza pa dzina limodzi mutumiza olakwika. Ndipo kuwerenga pamanja kumapeto kwa mwezi sindinasiye.