Kadontho kobiriwira, pulogalamu yolondera, kapena ntchito yofika m'manja: zomwe ndaona kuno ku Chipata

Anzanga amene ali ndi maofesi ang'onoang'ono kuno ku Chipata akhala akundifunsa kuti ndimadziwa bwanji kuti anthu anga akugwira ntchito pamene sindiwaona. Ofesi yanga imalemba mabuku a ndalama a mashopu ndi a ogula mbewu. Mwa amene amandithandiza, mayi wina ali ku Lundazi, mnyamata wina ali ku Lusaka, ndipo mtsikana wina ali ku Manchester. Njira zowayesera ndagwiritsapo zitatu, ndipo imodzi ndili nayo chakukhosi mpaka lero.

Yoyamba ndi kuyang'ana ngati munthu akuoneka "online". Iyi sindichedwapo. Pa Teams, pulogalamu yolankhulirana pa ntchito, kadontho kobiriwira kamasintha n'kukhala "Away" munthu akangosiya kompyuta mphindi 5, ngakhale atakhala pomwepo akuwerenga mapepala a kasitomala. Kamangokuuzani kuti makina ayaka.

Yachiwiri ndi pulogalamu yolondera, ija yowerenga kugogoda kwa kiyibodi ndi kuyenda kwa mausi, n'kumajambula sikirini mphindi zingapo zilizonse. Dzina lake sinditchula. Mtengo umene anaulemba ndi zilembo zazikulu unali wa munthu mmodzi pa mwezi, m'madola, komanso wa amene walipira chaka chonse nthawi imodzi. Kwacha ikagwa, bilu imakwera yokha inu musanawonjezepo kanthu. Zithunzi zija zimakwera pa intaneti tsiku lonse, ndipo bandulo imene zimadya ndi ya wantchito.

Koma chimene chinandiwawa kwambiri si ndalama. Mayi wa ku Lundazi ndi amene amafananitsa sitetimenti ya banki ndi mabuku a kasitomala. Amasindikiza sitetimentiyo, n'kutenga rula ndi bolopeni, n'kumatsika mzere ndi mzere. Akapeza K4,500 imene yalowa m'banki koma m'buku mulibe, amaimbira mwini shopu kuti akumbuke kumene inachokera. Maola onsewo kiyibodi ili chete, ndipo pulogalamu inkamuika pansi pa onse mlungu uliwonse. Mnyamata wa ku Lusaka ntchito yake ndi kulowetsa malisiti, zala sizipuma, choncho iye ankakhala pamwamba. Chonsecho malisiti ake ambiri ankabwerera, ena atalowa kawiri, ena ali m'mwezi wolakwika, ndipo wowakonza anali mayi yemwe uja. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, malaiti ankapita maola ochuluka pa tsiku. Mayiyo ankagwira za papepala masana, n'kulowetsa zonse usiku malaiti akabwera. Kwa pulogalamu, masana onsewo anali kujomba. Tsiku lina anandifunsa pa foni mwaulemu wake kuti, "Kodi abwana, mukufuna mabuku olondola kapena mukufuna ndizingogwedeza mausi?"

Kugwedezako kulipodi. Pali tizipangizo totsika mtengo toyendetsa mausi tokha, ndipo mu 2024 zinamveka kuti banki ya Wells Fargo ku America inachotsa antchito oposa 12 chifukwa chonamizira kuti akugogoda kiyibodi. Palinso china choti muganizire musanagule. Sikirini ya wolemba mabuku imakhala ndi malipiro a anthu, manambala a NRC ndi maakaunti a banki. Kuzijambula n'kukazisunga pa makompyuta a kampani yakunja si nkhani yaing'ono kuno ku Zambia, kumene tili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2021.

Yachitatu ndiyo ndikugwiritsa ntchito pano, ndipo si yachilendo kwa aliyense amene analembapo waganyu kumunda: mumagwirizana ndime, kenako mumakaona ngati mizere yatha komanso ngati udzu wazulidwadi. Ndili ndi tebulo limodzi pa Google Sheets. Ntchito iliyonse ili ndi mzere wake, ndipo pamzerepo timalemba tsiku limene tagwirizana, tsiku limene yafika, kuti yabwezedwa kangati, ndiponso ngati munthuyo anachenjeza isanachedwe.

Masiku sitiwapeka, amachokera ku ZRA ndi NAPSA. Mwezi uliwonse, PAYE ndi NAPSA ndi pa 10, msonkho wa pa zogulitsa wa mabizinesi ang'onoang'ono ndi pa 14, VAT ndi pa 18. Ine ndimafuna ntchito ifike kutatsala masiku atatu, kuti pakhale mpata wokonza. Chovuta kwambiri ndi kugwirizana tanthauzo la kutha. Kwa ife, kufananitsa kwatha ngati buku ndi banki zagwirizana mpaka ngwee, kapena ngati kusiyana kulikonse kwalembedwa chifukwa chake. Malisiti sindingawaone onse, choncho pa mulu wa 200 ndimatolapo 20 mosasankha. Cholakwika chimodzi ndimakonza ndekha n'kumuuza. Zikafika zitatu, mulu wonse umabwerera.

Patatha miyezi itatu tebulo linaonetsa zina. Aliyense mwa awiri aja anali ndi ntchito 12. Za mayi, 11 zinafika pa nthawi, imodzi yokha inabwezedwa, ndipo yochedwayo anachenjeza kutatsala masiku awiri, moti tinaipereka kwa wina. Za mnyamata, 8 zinafika pa nthawi, 5 zinabwezedwa, ndipo pa zinayi zochedwa anachenjezapo imodzi. Ine ndimalemekeza kwambiri kuchenjezako kuposa liwiro, chifukwa netiweki ndi malaiti zimalephera kwa aliyense, koma wochenjeza amapulumutsa kasitomala ku chindapusa. Ndipo tebulolo linandipatsa chokambirana ndi mnyamatayo popanda kukangana. Titaona limodzi mizere yobwezedwa, tinapeza kuti zambiri zinkachokera kwa kasitomala mmodzi wotumiza zithunzi zosaoneka bwino pa WhatsApp, nthawi zina lisiti limodzi kawiri. Gawo lina la vutolo silinali lake n'komwe.

Kwa wa kunja, maola sakuuzani kanthu. Manchester ili kumbuyo kwathu ndi maola awiri, koma kuyambira Lamlungu lomaliza la Malichi mpaka Lamlungu lomaliza la Okutobala amasuntha wotchi, kusiyana n'kukhala ola limodzi. Mtsikanayo amagwira madzulo, ife titatseka kale. Tinagwirizana zinthu ziwiri zokha: tsiku lomaliza limawerengedwa pa nthawi ya Zambia, ndipo uthenga uyankhidwe tsiku lotsatira la ntchito lisanathe.

Njirayi ili ndi minga yake. Ntchito sizilingana, ndipo mukangowerenga mizere, wochenjera azisankha zopepuka. N'chifukwa chake timagwirizana kukula kwa ntchito isanayambe, yaing'ono 1, yapakati 2, yaikulu 3. Munthu watsopano simungamuweruze ndi mwezi umodzi. Komanso wodalirika mukhoza kumusenzetsa mopitirira osadziwa, popeza sadandaula, choncho ndimawafunsabe maola amene ntchito yawatengera, kuti asapitirire maola 48 pa mlungu amene lamulo la ntchito la 2019 limanena, osati kuti ndiwapatse malikisi.

Ngati munthu wanu ntchito yake ndi kukhala pa foni kuyankha makasitomala kuyambira 08:00 mpaka 17:00, maola ndiwo ntchito yakeyo, awerengeni. Kwa wolemba mabuku, wojambula mapulani kapena womasulira zikalata, tsegulani tebulo, ndipo ndalama za pulogalamu ija mumugulire bandulo ndi batire losungira moto.