Mtunda wa |x − a| mu pulogalamu ya liniya: njira zitatu, ndi dambo limene linandichititsa manyazi

Anzanga amene timaphunzira nawo masamu a kukonza mapulani akhala akundifunsa kambirimbiri kuti chizindikiro cha | | amachilowetsa bwanji mu pulogalamu ya liniya, poti solova, chida cha pakompyuta chopezera yankho, sachilandira. Ndiyankha ndi ntchito imene inandipweteketsa mutu.

Tinkafuna malo omangapo nkhokwe ya chimanga m'mbali mwa msewu wa makilomita 30. Midzi ili pa kilomita 2, 3, 4, 5 ndi 30. Nkhokwe ikakhala pa x, mudzi wa pa a uyenda |x − a|.

Njira yoyamba ndi ya denga. Mudzi uliwonse mumaupatsa chosadziwika chake t, n'kulamula kuti t >= x − a komanso t >= a − x, kenaka n'kuchepetsa ma t onse pamodzi. Popeza solova akukanikiza t pansi, t amakatsamira pa mtunda weniweniwo. Midzi isanu ifuna ma t asanu ndi malamulo 10.

Yachiwiri ndi yong'amba pawiri: x − a = p − n, p ndi n osatsika pa 0, n'kuchepetsa p + n. Apa zosadziwika ndi 10, malamulo asanu. Yankho n'limodzimodzi: x = 4, mtunda wonse 2 + 1 + 0 + 1 + 26 = 30. Za liwiro musavutike nazo pa midzi isanu. Ine ndimakonda ya denga chifukwa ndikaibwerera patapita mwezi ndimaimvabe.

Yachitatu, minimakisi, ikuyankha funso lina: amene ali kutali kwambiri ayende pang'ono momwe zingathekere. Midzi yonse igawana t mmodzi, malamulo ndi 10 omwe aja. Nkhokwe ipita pa 16, pakatikati pa 2 ndi 30, ndipo palibe woyenda kuposa 14. Koma mtunda wonse ukwera kuchoka pa 30 kufika pa 64. A pa kilomita 30 apuma, chifukwa 26 yasanduka 14, pamene midzi inayi ija yalipira. Dziwaninso kuti midzi ya pa 3, 4 ndi 5 ilibe mawu: mutaisuntha paliponse pakati pa 2 ndi 30, yankho silisintha. Mukalemba 300 m'malo mwa 30, minimakisi ithamangira pa 151, pamene njira ziwiri zija zikhalabe pa 4.

Tsopano dambo. Tinasankha minimakisi, ndiye kunapezeka kuti pa kilomita 15 pamadikha madzi, nkhokwe iyenera kutalikirapo makilomita 4 kapena kuposa: |x − 15| >= 4. Ine mwachizolowezi ndinangong'amba pawiri, x − 15 = p − n ndi p + n >= 4. Solova sanadandaule, anabweza x = 16, m'madzi mwenimweni, ine n'kukaonetsa anzanga ndisanayang'anitsitse. Nditafufuza ndinapeza p = 2.5, n = 1.5. Kuchotsera kukupereka 1, kuphatikiza kukupereka 4, malamulo onse akwaniritsidwa, chonsecho mtunda weniweni ndi kilomita imodzi.

Chifukwa chake n'chakuti p + n amafanana ndi |x − a| pokhapokha chimodzi mwa ziwirizo chikakhala 0, ndipo chimene chimakakamiza zimenezo ndi kuchepetsa kuja. Mukafuna kuti mtunda ukule, palibenso choziletsa kufufuma limodzi. Ya denga nayo sikanandipulumutsa, t akanangokwera pa 4 x ali phee pa 16. Komabe mkwiyo wanga uli pa yong'amba, poti imaoneka ngati tanthauzo lenileni la | | pamene si choncho. Masiku ano ndimachulukitsa p ndi n pa yankho lililonse. Zikapanda kupereka 0, ndiye kuti ndanamizidwa.

Malo ololedwa ndi zidutswa ziwiri zosakhudzana, x <= 11 kapena x >= 19, ndipo pulogalamu ya liniya yokha singathe kunena “kapena”. Pamafunika z wongokhala 0 kapena 1, ndi nambala yaikulu M:

```
x <= 11 + M*z
x >= 19 - M*(1 - z)
```

Apa mwatuluka kale mu liniya weniweni, ndipo ma z akachuluka solova amachedwa. Yankho loona ndi x = 19, woyenda kwambiri 17; pa 11 akanayenda 19.

M musamukulitse mwamantha. Poti x ali pakati pa 0 ndi 30, M = 19 akukwana. Mukaika 1000000, kumbukirani kuti masolova ena amatenga nambala yosapitirira 0.00001 ngati 0. Ndiye z = 0.000005 akhoza kudutsa ngati 0, M*z n'kukhala 5, lamulo loyamba n'kusanduka x <= 16, nkhokwe n'kubwereranso m'dambo muja.