Ndalama zimalowa bwino, koma inandichititsa manyazi pakhomo

Ndagwiritsa ntchito pulogalamu iyi yolembetsera anthu ndi kulandirira malipiro a pafoni potolera ndalama zolembetsera maphunziro athu a masiku awiri, anthu 140. Kukonza fomu sikunanditengere nthawi, ndipo peresenti imene amadula pa malipiro aliwonse sindikudandaula nayo. Chandikwiyitsa ndi chimene eni ake amadzitama nacho kwambiri, choti ndalama ikangolowa imadzipezera yokha mwini wake pa mndandanda. Imapezadi munthu, koma si nthawi zonse pamene amakhala woyenera.

Pali njira ziwiri zolipirira. Yoyamba, munthu akamaliza kudzaza fomu amalemba nambala ya foni imene ichotsedwe ndalama, uthenga umatulukira pafoni yomweyo, amaika pini, basi. Apa palibe chosokonekera chifukwa pempho la ndalamalo limachoka litamangiriridwa kale ku dzina la wolembetsa, ngakhale foniyo ikhale ya munthu wina. Njira yachiwiri ndi ya amene akufuna kulipira tsiku lina: amapatsidwa khodi ya zilembo zisanu ndi chimodzi, ndipo akamatumiza ndalama ku nambala yathu ya bizinesi amayenera kuilemba. Anthu 96 anadzera njira yoyamba, 38 yachiwiri, ndipo 6 sanalipire. Mwa 38 aja, 16 sanalembe khodi kapena anaiphonya. Wina analemba dzina lake, wina analemba ziro pamene panali chilembo O, wina anangolemba kuti "maphunziro".

Tsiku loyamba mmawa, mzere uli wautali, panafika mayi ena achikulire, aulemu wawo, atanyamula kabuku ndi cholembera kale m'manja. Mtsikana wathu wapakhomo anayang'ana pa kompyuta n'kunena mokweza, anthu onse akumva, kuti, "Amayi, inu simunalipire." Mayi aja sanakalipe. Anangotulutsa foni n'kundionetsa meseji imene amuna awo anawatumizira, yosonyeza ndalama yonse, tsiku, nthawi ndi nambala ya umboni wa malipiro. "Achimwene, ine sindinabwere kudzapempha. Bambo kunyumba ndi amene anandilipirira, sabata yatha." Ine thukuta kamukamu. Pa dzina lawo panalembedwa `Unpaid`. Ndinatsegula gawo la `Unmatched`, kumene kumagwera ndalama zosowa mwini, ndikuganiza kuti ndiipeza komweko. Munali malipiro 7, ndipo awo munalibe. Ndiye ndalama inatuluka m'foni ya amuna awo, pa dzina lawo palibe, kosowa mwini kulibenso. Ndinawalowetsa ndithu, koma anakhala kumbuyo kwenikweni ndipo pa nthawi yopuma sanalankhule ndi aliyense.

Ndinaimbira a ofesi yothandiza makasitomala ndili chiimire pakhomopo. Mnyamata amene anayankha anandiuza kuti pulogalamu yawo silakwitsa, mwina mayiwo akundionetsa meseji yopeka. Sanafunse n'komwe nambala ya umboni ija. Nditamuwerengera ndekha, anati ndilembe dandaulo, adzandiyankha pakatha maola 48. Maphunziro a masiku awiri, yankho la maola 48! Mawu ake aja oti "abwana, anthu amanama" ndimawamvabe mpaka lero, chifukwa amanena za mayi amene anali ataima pamaso panga.

Ndinazipeza ndekha usiku. Ndinatsitsa fayilo ya malipiro onse n'kufufuza nambala ya umboni ija mu danga la `Transaction ID`. Inalipo, ndipo ndalamayo inali itaikidwa pa dzina la mtsikana wina. Chinachitika n'chakuti khodi ikasowa, pulogalamuyi imayang'ana nambala ya foni imene yatumiza ndalama n'kuifananitsa ndi manambala a pa mafomu. Bambo aja anali atalembetsanso mwana wa mchemwali wawo, ndipo pa fomu ya mtsikanayo anaikapo nambala yawo. Mayi aja pa fomu yawo analemba nambala yawoyawo. Ndiye ndalama itabwera yopanda khodi kuchokera ku foni ya bambo, pulogalamu inaona kuti nambalayi ili pa fomu ya mtsikana, n'kumupatsa. Mtsikanayo analandira meseji yomuthokoza kuti walipira, anaganiza kuti amalume amuchitira chifundo, ndipo anali atalowa kale mosangalala pamene azakhali ake ankaimitsidwa pakhomo.

Kuganizira koteroko pakokha si koipa. Mwa malipiro 9 amene inawalumikiza pogwiritsa ntchito nambala ya foni, 8 inalondola. Chondiwawa n'chakuti pa mndandanda onse amaoneka chimodzimodzi, `Paid` wobiriwira, kaya munthu analemba khodi yolondola, kaya pulogalamu yangoganizira. Ikanaika kachizindikiro kena pa oganiziridwawo, ndikanaimba mafoni 9 sabata yomweyo n'kuthana nazo. Aliyense amene anatolerapo ndalama pa foni amadziwa kuti wolipira ndi wolembetsa nthawi zambiri si munthu mmodzi. Wina amalipiriridwa ndi abwana ake kuntchito, wina amapereka ndalama m'manja kwa ejenti kuti amutumizire, ndipo dzina limene limafika kwa ife ndi la mwini akaunti yotumizayo. Nambala ya foni ndi umboni wofooka, koma iwo amautenga ngati wokwanira.

Komabe ndinene zoona, fayilo yomwe ija inandipulumutsa pa nkhani ina. Tsiku lachiwiri kunabwera anyamata awiri, aliyense ndi chithunzi cha meseji yake yolipira. Maina osiyana, koma nambala ya umboni imodzimodzi. Nambala imeneyi sibwerezedwa, malipiro aliwonse amakhala ndi yakeyake, choncho nditailemba pofufuzira panatuluka malipiro amodzi okha, a mmodzi mwa iwo. Mnzakeyo anangokanda kumutu. Kale, pamene ndinkalandira ndalama pa nambala yanga n'kumafananitsa zithunzi ndi maso, akanalowa onse awiri. Ndiponso munthu wina amene netiweki inamudukira ataika pini, n'kulipira kachiwiri poona kuti pakulembedwabe `Pending`, pulogalamu inaonetsa yokha kuti walipira kawiri ndipo kumubwezera sikunavute. Malipiro 7 osowa mwini aja ndinawalumikiza pamanja mphindi zochepa, nditapempha eni ake nambala za umboni. Kupatula amenewa, munthu mmodzi yekha ndiye anandizunguza, analipirira anthu atatu pakamodzi ndi khodi ya mmodzi, ndipo palibe njira yogawira ndalama imodzi pa maina atatu. Awiriwo ndinangowalemba kuti alipira n'kuika ndemanga pambali.

Ndiye ndikupereka nyenyezi zitatu. Ndikanapereka zinayi pakanapanda mnyamata wa pafoni uja. Yankho lawo linafikadi maola 48 atadutsa, likundiuza zimene ndinali nditapeza kale, ndipo linawonjezera kuti kulumikiza pogwiritsa ntchito nambala ya foni kungathe kuzimitsidwa. Batani lake lili mkatikati mwa `Settings`, limabwera loyatsa kale, ndipo palibe anandiuzapo polembetsa. Ndalizimitsa. Bola ndalama zopanda khodi zizigwera kosowa mwini ndizilondola ndekha. Pa fomu ya maphunziro otsatira ndawonjezeranso funso lakuti ndalama ichokera pa nambala iti, ndipo njira yolipira pompopompo ndaiika pamwamba.

Mayi aja ndinawaimbira kuwapepesa ndi kuwafotokozera. Anaseka pang'ono n'kunena kuti amuuza mtsikanayo kuti ali ndi ngongole. Ndalama yake inalowa patatha masiku atatu, khodi italembedwa bwinobwino.