Miyezi isanu ndi itatu ndi kabuku ka ndime zokhala ndi mipata

"Aphunzitsi, kabuku kaja ka ndime zodzaza mawu m'mipata munagula chaka chatha, kodi kakuthandizanidi? Ndikufuna kuyesa ndi ana anga a Sitandade 7."

Mayi aphunzitsi, kandithandiza ndithu, koma phindu lake linayamba kuoneka nditasiya kukagwiritsa ntchito monga mayeso wamba. Ndinakagula mutauni muno mu Zomba, ndipo poti n'kamodzi kokha, ndimalemba ndime imodzi pabolodi Lachiwiri lililonse kuti ana akopere m'makope awo. Chikuto chake chinathothoka mwezi wachitatu ndipo ndinachimata, koma masamba adakali bwino.

Njira imeneyi, imene ena amaitcha kilozi, anaiyambitsa Wilson Taylor mu 1953 pofuna kuyeza ngati nkhani ndi yosavuta kuwerenga, ndipo kawirikawiri amachotsa liwu lachisanu lililonse, n'kusiya chiganizo choyamba ndi chomaliza zili zathunthu. Theka loyamba la kabukuka linatsata dongosolo lomwelo, pamene m'theka lachiwiri wolemba anachita kusankha mawu ochotsa. Ine ndakhutira kwambiri ndi theka lachiwirili, pakuti kuchotsa mongowerenga mawu nthawi zina kumagwera pa dzina la munthu kapena nambala, zimene mwana sangazipeze ngakhale atawerenga mosamala chotani.

Milungu yoyambirira ana ankangofika pampata n'kulemba liwu loyamba lobwera m'mutu. Pofuna kuthetsa chizolowezi chimenechi ndinalemba ndime yangayanga yaifupi, motengera zimene ana a kuno amadziwa:

Mvula itagwa usiku wonse, mtsinje wa Likangala (1) ____. Ana akutsidya sanapite kusukulu (2) ____ mlatho unali utamira. Madzi ataphwa, (3) ____ chinapezeka chitakodwa pamtengo, ndipo mwini wake anachizindikira ndi chigamba chimene anasokerera yekha. Chitauma, anachivala kumutu n'kumapita.

Mpata woyamba ukufuna mneni, ndipo mneniyo ayenera kuyamba ndi u- kuti agwirizane ndi dzina lakuti mtsinje. Ana angapo analemba kuti anasefukira, mwina poganizira madzi, ndipo ndinaona kuti tanthauzo analimva koma mgwirizano anauphonya. Amene analemba unasefukira ndi amene analemba unadzaza onse ndinawachongera. Pampata wachiwiri pakufunika mlumikizi, ndipo kumira kwa mlatho ndiye kunalepheretsa ana, kotero yankho ndi chifukwa kapena popeza; mwana wolemba liwu lakuti koma amakhala kuti sanawerenge mawu otsatira mpatawo.

Mpata wachitatu ndi umene tinakhalitsapo. Mphatikiram'mbuyo chi- wa m'mawu akuti chinapezeka ndi chitakodwa akusonyeza gulu la dzinalo, motero thumba ndi malaya zikugweratu pomwepo. Chigamba chosokerera chikuchotsa chidebe ndi chitseko, koma chikusiya chikwama, chitenje ndi chipewa. Chiganizo chomaliza ndicho chikugamula, ndipo ambiri amene analemba chikwama anavomera kuti sanafikeko. Mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza mkono, nanena kuti chitenje nachonso chimakhala kumutu, agogo ake amatero akamapita kumsika wa Songani. Mnzake anamuyankha kuti chitenje timachita kumanga kumutu, pamene chipewa ndicho timavala. Mkangano umenewo unandisangalatsa kwambiri, chifukwa ana anali atayamba kufunafuna umboni m'ndime momwemo.

Kuyambira tsiku limenelo lamulo lathu ndi lakuti mwana awerenge kaye ndime yonse cholembera chili pansi, kenaka adzaze mipata yosavuta, ndipo pa yankho lililonse adule mzere kunsi kwa mawu amene amutsogolera. Ndikamachonga ndimayang'ana mzerewo poyamba. Ukakhala kumanzere kwa mpata nthawi zonse, ndimadziwa kuti mwanayo sanayambebe kuwerenga mopitirira.

Chimene chandikhumudwitsa m'kabukuka ndi mayankho akumapeto, amene amapereka liwu limodzi lokha pampata uliwonse. Kuchonga kotero n'koyenera pamene mukuyeza kuvuta kwa nkhani, koma pophunzitsa kumalanga mwana amene waganiza bwino n'kusankha liwu lina lofanana tanthauzo. Ine ndinatenga pensulo n'kuwonjezera m'mphepete mayankho ena ovomerezeka, ndipo ntchito imeneyi inanditengera madzulo angapo. Vuto lina n'lakuti ana akaibwereza ndime amakumbukira mayankho, choncho pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi ndime za m'kabukuka zinali zitatha ndipo ndinayamba kupanga zanga kuchokera m'mabuku owerenga a m'kalasi.

Mukakagula, yambani ndi theka lachiwiri, ndipo ndime iliyonse muyambe mwaidzaza nokha musanaone mayankho, kuti mpata umene wakuvutani inuyo muudzaziretu musanalembe pabolodi.