Mapangano atatu polemba ntchito wopanga pulogalamu: kubwereka, kugula, ndi kusunga nokha sosi khodi

Anzanga awiri amene ali ndi mashopu ku Katoto akhala akundifunsa za mgwirizano umene angasainirane ndi munthu wopanga mapulogalamu wodziyimira payekha, ndipo ndaona kuti ndi bwino kulemba zimene ndinaphunzira nditaluza ndalama. Mu 2022 ndinalemba ntchito mnyamata wina waluso kuti andipangire pulogalamu yolembera katundu ndi malonda pa shopu yanga ya zipangizo zomangira ku Luwinga. Mgwirizano wathu unali wa tsamba limodzi, ndipo mawu amene ndinkawadalira anali akuti pulogalamuyo idzakhala yanga ndikadzamaliza kulipira. Ndinalipira ndalama zonse, koma pambuyo pake ndinazindikira kuti mawuwo sanandipatse kanthu kogwirika.

Mtundu woyamba wa mgwirizano ndi wobwereka. Wopanga pulogalamu amasunga sosi khodi, ndiye kuti malemba amene pulogalamu imapangidwira, ndipo inu mumalipira mwezi ndi mwezi kuti muziigwiritsa ntchito. Poyamba mumatulutsa ndalama zochepa ndipo kukonza zowonongeka ndi udindo wake. Ngati shopu yanu ikufuna pulogalamu wamba, njirayi ndi yabwino, bola mgwirizano unene kuti tsiku limene mudzachoke adzakupatsani zolemba zanu zonse za katundu, makasitomala ndi ngongole mu fayilo ya CSV, imene imatseguka pa mapulogalamu monga Excel, popanda kulipiritsa. Ubwino wake ndi wakuti palibe amene amanamizidwa, chifukwa mumadziwa kuyambira pachiyambi kuti ndinu wa lendi.

Mtundu wachiwiri ndi umene unandipweteka, ndiwo wogula pulogalamu yonse koma n'kudikira kuti sosi khodi idzaperekedwe kumapeto. Zinthu zinayenda bwino mpaka mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Seva, ndiye kuti kompyuta ya pa intaneti imene pulogalamu yanga inkakhalapo, imalipiridwa m'madola, choncho mnyamata uja anakweza ndalama ya pamwezi. Kukwezako sindinakukane, popeza chifukwa chake chinali chomveka, koma nditapempha kuti ndione bilu yeniyeni ya seva, anandiuza kuti akaunti ndi yake ndipo muli mapulogalamu a anthu enanso. Nditafufuza ndinapeza kuti ngakhale dzina la webusaiti, limene amalitcha domeni, linalembetsedwa m'dzina lake ndi imelo yake. Ndinali ngati munthu amene wamanga nyumba ndi ndalama zake pa malo amene mapepala ake ali m'manja mwa mmisiri.

Nditaganiza zosamukira kwa munthu wina, anandiuza kuti kupereka zonse ndi ntchito yapadera imene sinali mu mgwirizano, ndipo anatchula mtengo wake. Kunena zoona, mgwirizano sunanene chilichonse pa nkhaniyi, choncho ndinalibe poyambira. Ndinalipira, iye n'kunditumizira fayilo imodzi ya zip. Mayi wina wodziwa ntchitoyi amene ndinamupempha kuti aione anapeza zinthu zitatu. Sosi khodiyo inali yakale, yopanda gawo la ngongole za makasitomala limene linawonjezedwa pambuyo pake. Fayilo ya `.env`, imene imasunga makiyi ndi mapasiwedi olumikizira pulogalamu ku detabesi, kumene zolemba zonse za shopu zimasungidwa, inalibemo, ndipo panalibe ngakhale chitsanzo chosonyeza zimene ziyenera kulembedwamo. Chachitatu, pulogalamuyo inalembedwa pa PHP 7.4, mtundu wakale wa chinenero cholembera mapulogalamu, umene eni ake anasiya kuukonza mu Novembala 2022, kutanthauza kuti panafunika ntchito ina yoikweza isanaikidwe pa seva yatsopano. Kwa masabata atatu tinabwerera ku kaundula wa pamanja.

Lamulo la dziko lino loteteza ntchito za luso, la chaka cha 2016, limateteza mapulogalamu a kompyuta monga mmene limatetezera zolembalemba, ndipo n'chifukwa chake umwini uyenera kulembedwa momveka bwino ndi kusainidwa ndi mbali zonse ziwiri. Komabe pepala lonena kuti ndinu mwini silingayendetse shopu Lolemba m'mawa ngati sosi khodi ili pa laputopu ya munthu amene sakuyankha foni. Apa ndi pamene mtundu wachitatu umaposa wachiwiri, ngakhale kuti yonse iwiri imanena kuti pulogalamu ndi yanu.

Mu mtundu wachitatu, inu ndi amene mumatsegula akaunti zonse ntchito isanayambe, pogwiritsa ntchito imelo ya bizinesi yanu. Mumatsegula akaunti pa GitHub, pamene sosi khodi izisungidwa, kenako mumaitanira wopanga pulogalamuyo ngati wothandiza amene mungathe kumuchotsa. Domeni ndi seva zimalembetsedwa m'dzina lanu ndipo mabilu amabwera kwa inu mwachindunji. Ngati ndi pulogalamu ya pa foni, akaunti ya Google Play, imene imalipiridwa madola 25 kamodzi kokha, ikhalenso yanu, pamodzi ndi kiyi yosainira pulogalamuyo. Mgwirizano umanena kuti ntchito ya sabata iliyonse izilowa mu akaunti yanu, ndipo malipiro amagawidwa: ine, nditalemba ntchito munthu wina pambuyo pa mavuto aja, ndinapereka 30 peresenti poyamba, 40 peresenti pulogalamu itayamba kugwira ntchito, ndi 30 peresenti yotsala pambuyo pa mayeso a kupereka ntchito.

Mayesowo ndi ofunika kuposa ndime ina iliyonse, ndipo muyenera kuwalemba mu mgwirizano. Munthu wina wachitatu, pa kompyuta imene sinagwirepo pulogalamuyo, amakoka sosi khodi ndi kuyang'ana tsiku limene inasinthidwa komaliza:

```
git clone https://github.com/shopu-yanu/pulogalamu.git
cd pulogalamu
git log -1
```

Ngati tsikulo ndi la miyezi isanu yapitayo pamene pulogalamu ya pa seva inasinthidwa sabata yatha, dziwani kuti zimene mwapatsidwa si zimene zikugwira ntchito. Kenako amatsatira malangizo a mu fayilo ya `README`, amabwezeretsa detabesi kuchokera ku bakapu, ndiye kuti kope losungidwa pambali, yotengedwa ndi `mysqldump`, ndipo amayesa kugulitsa thumba limodzi la simenti. Akalephera kuchita zimenezi popanda kuimbira foni wopanga pulogalamuyo, ntchito sinaperekedwe ndipo ndalama yomaliza isatuluke.

Tiyeneranso kuchitira chilungamo wopanga pulogalamu. Ambiri amagwiritsa ntchito zidutswa zimene anazilemba kale kapena za anthu ena zimene zili pansi pa malayisensi monga MIT ndi GPL, ndipo sangakugulitseni umwini wa zimenezo. Chimene muyenera kufuna ndi mndandanda wa zidutswazo ndi chilolezo chosatha chozigwiritsa ntchito ndi kuzisintha.

Za kukonza pulogalamu mtsogolo zikhale pa mgwirizano wosiyana. Ine ndinapempha masiku 90 okonza zolakwika kwaulere, ndipo tinalemba kuti cholakwika ndi chilichonse chimene sichikugwira ntchito monga mmene tinagwirizanira, pamene kuwonjezera malipiro a Airtel Money kapena TNM Mpamba ndi ntchito yatsopano yolipiridwa payokha. Masikuwo atatha, ndinasankha ndalama yokhazikika ya pamwezi osati ya pa ola, chifukwa wolipidwa pa ola amabwera zinthu zitawonongeka kale, pamene wa pamwezi amaona bakapu ndi kukweza PHP nthawi isanakwane. Tinalembanso kuti pulogalamu ikaima ayankhe pasanathe maola anayi a ntchito, ndiponso kuti aliyense angathe kuthetsa mgwirizano popereka masiku 30, popanda ndalama ina yolipirira kupereka ntchito.

Mtundu wachitatu unandidyera ndalama zambiri poyamba, popeza ndinalipiranso munthu woyesa uja, ndipo mnyamata mmodzi anakana ntchito atamva kuti akaunti zonse zikhala zanga. Kwa mnzanga amene akungofuna kulemba malonda a tsiku ndi tsiku ndamuuza kuti abwereke. Kwa winayo, amene akufuna pulogalamu yakeyake yolumikiza nthambi ya ku Mzuzu ndi ya ku Karonga, ndamuuza kuti atsegule akaunti ya GitHub ndi kulembetsa domeni sabata ino, asanapereke 30 peresenti yoyamba.