Maganyu a pa yunivesite ku America: zomwe ndikuuza a kwathu ku Zomba

Achimwene ndi achemwali a ku Chanco, makamaka inu a ku Chikanda ndi Chinamwali amene mwakhala mukundifunsa ngati munthu angadzilipirire sukulu kuno ndi maganyu a pa yunivesite, ndati ndiyankhe pamodzi.

Pa tsamba la ntchito la yunivesite, ntchito zambiri zabwino, monga za mu laibulale ndi m'maofesi, mudzapeza zalembedwa kuti Federal Work-Study. Imeneyi ndi ndondomeko ya boma la America yomwe inayamba mu 1964. Boma limapereka gawo lalikulu la malipiro a wophunzira, yunivesite n'kuwonjezera lotsala, n'chifukwa chake madipatimenti amakonda kulemba ophunzira oterewa. Wofuna kulowamo amadzaza fomu ya FAFSA, yofotokoza ndalama zomwe iye ndi makolo ake amapeza. Ofesi yoona za thandizo la ndalama imatenga mtengo wonse wa sukulu pa chaka, kuphatikizapo malo ogona, chakudya ndi mabuku, n'kuchotsapo nambala yosonyeza mphamvu ya banjalo pa chuma. Zotsalazo ndiye kusowa kwa mwanayo. Zikufananako ndi momwe bungwe la ngongole za ophunzira kwathuko limafufuzira ovutika, koma kuno ndalamayo sukongola, umaigwirira ntchito.

Mnzanga wina wobadwira konkuno anamulembera madola 3,000 pa chaka. Sanamupatse m'manja ayi. Ndi malire a zomwe angalandire. Pa madola 12 pa ola, amenewo ndi maola 250, ndipo ukawagawa pa masabata 30 a masemesita awiri akukwana maola 8 ndi pang'ono pa sabata. Akathamanga nawo, ndalama zimatha semesita yachiwiri ili pakati.

Koma nkhani yaikulu ndi iyi: ife obwera pa viza ya ophunzira ya F-1 sitiloledwa mu ndondomekoyi. Ndi ya nzika ndi ena ochepa, monga okhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikoli. Umphawi wako ukhale wotani, sakuwerengera. Zimandipweteka kuona mwana wa kwathu akutaya masabata oyamba kufunsira ntchito zomwe sangapatsidwe, pomwe zomuyenera zikutengedwa ndi ena. Zathu ndi zomwe yunivesite imalipira ndi thumba lake: ku kafiteriya, ku mahositelo, ku malo a masewero, kapena kuthandiza anzako masamu. Funsani msanga, makalasi asanayambe. Mukapeza ntchito, tengani kalata ya bwana ndi ya ofesi ya ophunzira ochokera kunja, pamodzi ndi pasipoti ndi fomu ya I-20 yomwe yunivesite inakupatsani pofunsira viza, mukafunsire nambala ya Social Security, yomwe boma limagwiritsa ntchito pa za malipiro ndi msonkho.

Lamulo la viza ndi maola 20 pa sabata sukulu ili mkati, ndipo pa holide ukhoza kugwira tsiku lonse. Maola 20 amenewa ndi a ntchito zonse pamodzi, ndipo sabata iliyonse imawerengedwa payokha. Sungagwire 25 sabata ino n'kunena kuti ya mawa ugwira 15. Msampha wake umabwera mokoma: mnzako wadwala, bwana akupempha kuti umugwirire shifiti, ndipo ife Amalawi kukana munthu wamkulu kumativuta. Komatu makina olembera nthawi amasunga mphindi iliyonse, ndipo kupyola malire ndi kuphwanya viza. Uzani bwana mwaulemu kuti maola anu akwana, amalidziwa lamulolo.

Ngakhale lamulo likulola 20, ine sindilangiza woyamba kumene kuti awatenge onse. Wa digiri yoyamba ayenera kukhala ndi makirediti osachepera 12 pa semesita, kutanthauza pafupifupi maola 12 m'kalasi, ndipo ola lililonse limafuna ena awiri owerenga pawekha. Afika 36. Ukawonjeza 20 ndiye 56, usanaphike, usanachape. Kuno malikisi amasonkhanitsidwa sabata ndi sabata kudzera m'timayeso ndi ntchito zokachitira kunyumba, choncho kudikira kudzawerenga usiku wonse mayeso atayandikira sikupulumutsa munthu. Ine ndimagwira maola 12, ndipo ndimasankha mashifiti awiri kapena atatu aatali m'malo mwa tizidutswa tomwaza tsiku lonse. Ndimapewa shifiti yotseka kafiteriya usiku ngati m'mawa mwake muli kalasi, komanso ndimauza bwana masiku a mayeso semesita ikangoyamba. Ukayamba kupereka ntchito za m'kalasi mochedwa kapena kusinza mphunzitsi akuphunzitsa, chepetsa maola sabata yomweyo, chifukwa sikolashipu zambiri zimafuna kuti malikisi asatsike.

Kwa makolo amene muli ku Matawale ndi ku Domasi: maola 12 pa madola 12 ndi madola 144 pa sabata msonkho usanachotsedwe. Mu makwacha imamveka yambiri, koma kuno imathera chakudya, foni ndi jekete la nyengo yozizira. Fizi siingachokere pamenepa, choncho gwero la fizi likhale lodziwika mwana asanakwere ndege.